Dzina la mwana wanga lapachikidwa ku Mecanhelas, tingolisiya?

*A loya, ndimakhala ku Chinamwali kuno ku Zomba. Mwana wanga wa zaka 19 anabadwira ku Mecanhelas, bambo ake ndi a ku Mozambique, koma wakulira kuno ndipo ali pa koleji. Mu Januwale atapita kukaona bambo ake anamulembetsa m'kaundula wa usilikali. Tsopano azakhali ake aimba foni kuti dzina lake lapachikidwa pa boma, akufunika kukapimidwa. Malume ake akuti tingokhala chete poti ali ndi pasipoti ya Malawi. Kodi boma lingatenge mwana kuusilikali iye asakufuna?*

Mayi, lingamutenge, ndipo malangizo a malumewo ndi amene angamupweteke mwanayo kuposa mndandanda umene wapachikidwawo.

Chikukusokonezani n'chakuti kuno sitinazolowere zimenezi. Msilikali aliyense amene mumakumana naye ku Cobbe Barracks anapita yekha. Anaona chilengezo, analemba kalata, anapikisana ndi anzake, anakaphunzira ku Salima, nalumbira. Usilikali wake ndi ntchito ya malipiro ndi penshoni, ndipo maziko ake ndi chilolezo chimene anapereka tsiku lolumbiralo. Ku Mozambique maziko ake ndi unzika. Lamulo lawo limati nzika ikakwanitsa zaka 18 ikalembetse, ndipo udindowo umaitsata mpaka zaka 35. Palibe amafunsa ngati ikufuna. Ngakhale mapangano a mayiko oletsa ntchito ya kalavulagaga, monga la bungwe loona za apantchito la ILO la mu 1930, amapatula usilikali wokakamiza kuti suli m'gulu limenelo. Choncho mfundo yoti akumuphwanyira ufulu singakufikitseni patali.

Boma limasankha njira imeneyi chifukwa cha chiwerengero ndi ndalama. Msilikali wodzifunira amafunika kumukopa ndi malipiro, nyumba ndi penshoni, apo ayi apita kukafuna ntchito kwina. Wokakamizidwa amalandira zochepa, amatumikira nthawi yake, n'kubwerera kumudzi atadziwa mfuti, ndipo boma limasunga dzina lake kuti zikavuta limuitanenso. Kuipa kwake n'kwakuti akangoyamba kudziwa bwino ntchito nthawi yake imakhala yatha. N'chifukwa chake mayiko amasinthasintha: America inasiya kukakamiza mu 1973, Sweden inasiya mu 2010 n'kuyambiranso mu 2017 itayamba kuopa Russia. Mozambique ili ndi nkhondo ku Cabo Delgado kuyambira mu 2017, ndipo kumapeto kwa 2023 nyumba yawo ya malamulo inatalikitsa nthawi yotumikira kuchoka pa zaka ziwiri kufika pa zisanu. Amene akukuuzani kuti "ndi zaka ziwiri basi" akunena zakale.

Pasipoti ya Malawi ija simuteteza akaponda tsidya lija la nyanja ya Chilwa. Gawo 33 la malamulo aakulu a Mozambique limati munthu amene malamulo awo amamuona kuti ndi nzika yawo, unzika wina uliwonse umene ali nawo sugwira ntchito m'dziko mwawo. Wobadwira ku Mecanhelas kwa bambo wa konko, iwo amuwerenga ngati wawo. Kazembe wa Malawi angathe kumulankhulira mwaulemu, koma pa mwambo wa mayiko alibe mphamvu yomulanditsa ku dziko limenenso ndi lake.

Tsopano pamene anthu amagwera. Nkhaniyi ili ndi makwerero atatu: kulembetsa, kupimidwa ndi kusankhidwa, kenako kulowa m'gulu lankhondo. Olembetsa amakhala ambiri kuposa amene boma lingathe kuwaveka ndi kuwadyetsa, moti si onse amafika pomaliza. Mwana wanu ali pa khwerero lachiwiri, akadali munthu wamba, ndipo apa ndi pamene angapemphe kuti nthawi yake aikankhire kutsogolo chifukwa cha sukulu ndi kukhala kunja. Koma kukhala pa koleji pakokha sikukankha kanthu. Chimakankha ndi pempho lolembedwa, lofika tsiku loitanidwalo lisanakwane, lokhala ndi umboni woti linalandiridwa. Tsikulo likadutsa muli chete, m'kaundula salembamo kuti "wophunzira", amalembamo kuti anaitanidwa koma sanabwere, ndipo kuyambira pamenepo mukhala mukudziteteza m'malo mopempha.

Ndinaziona ndi mnyamata wina wa cha ku Kachulu. Banja lake silinakhale chete ayi, linayesetsa. Anatenga kalata ya kusukulu ya m'Chingerezi, n'kupatsa msuweni wake amene amaoloka ndi bwato. Msuweniyo anakaipereka pa ofesi ina kumeneko, mkulu amene anamupeza anaiyang'ana, naiika m'dirowa, n'kunena kuti, "Pitani, palibe vuto." Panalibe chidindo, panalibe saini, ngakhale kope lotsala nalo. Patapita zaka zitatu mnyamatayo anapeza mwayi wa ntchito tsidya lomwelo, ndipo anamufunsa pepala losonyeza kuti nkhani yake ya usilikali ili m'malo. Atapita kukalitenga anapeza kuti dzina lake lili pa mndandanda wa osabwera. Mkulu uja anali atasamutsidwa, kalata ija sinaoneke, ndipo mawu a msuweni palibe anawawerengera. Ntchito inapita kwa wina ife tikadali kulemberana makalata. Zimanditopetsa kuti anthu a m'maofesi amakonda kukhululukira anthu ndi pakamwa, pomwe akudziwa kuti m'failo mulibemo pakamwa pawo.

Sindingakulonjezeni kuti pempho likafika bwino avomera. Zili m'manja mwawo, ndipo akavomera nthawi zambiri kumakhala kukankha chabe, osati kufafaniza dzina, moti akhoza kufuna umboni watsopano wa sukulu nthawi ikatha. Akhozanso kunena kuti abwere kaye apimidwe. Komabe munthu amene ali ndi pepala lodindidwa amakambirana ndi boma ali chilili.

Sabata inoyi auzeni azakhaliwo akajambule mndandandawo pa foni, dzina, tsiku ndi malo zioneke bwino, chifukwa nkhani za "akuti mwezi wamawa" sitigwirira ntchito. Mwana afunefune kapepala kamene anamupatsa polembetsa mu Januwale. Ku koleji akatenge kalata yodindidwa yonena chaka chimene ali ndi chimene adzamalize, ndipo imasuliridwe m'Chipwitikizi ndi womasulira wodziwika. Pempho alembe ndi kusaina yekha. Akayambire ku ofesi ya kazembe wa Mozambique ku Blantyre, afunse njira yofikitsira pempholo ku ofesi imene inamuitana, ndipo asachoke popanda chidindo ndi deti pa kope lake. Ngati ali ndi matenda, atenge zikalata za kuchipatala, koma dziwani kuti omaliza kugamula ndi madokotala awo.

Wina akabwera kuti mumupatse kangachepe afufute dzinalo, mubwezeni. Ndalama ipita, dzina litsala, ndipo mlandu wa ziphuphu uonjezekera. Zotaya unzika wa Mozambique musazithamangire lero, chifukwa zimatenga nthawi ndipo sizifafaniza zokha kuitana kumene kwatuluka kale. Ndipo asadzalowe m'gulu ndi maganizo oti akathawa zikakoma: akangolowa amakhala pansi pa malamulo a asilikali, ndipo kuthawa pamenepo ndi mlandu waukulu, chimodzimodzi msilikali wodzifunira wa kuno atalumbira. Pempholo lisanayankhidwe, tchuthi chikubwerachi akhale kaye ku Chinamwali, bambo akewo ndiwo aoloke kudzamuona.