Kuwerenga zolakwika zopulumuka ndi matikiti otsegulidwanso popanda kuwasandutsa chigoli

"Ndimatsogolera anthu anayi oyesa mapulogalamu. Abwana akufuna lipoti mwezi uliwonse la zolakwika zimene zikupulumuka n'kukafika kwa makasitomala, komanso la matikiti amene tikutseka kenako n'kuwatsegulanso. Akutinso manambalawa alowe pa bonasi. Ndiwerenge bwanji kuti anthu asayambe kusewera nawo?"

Zikomo achimwene chifukwa cha funsoli. Manambala awiriwa ndi abwino ndipo muwerengedi, koma za bonasizo mukane mwaulemu. Chifukwa chake chimaoneka bwino munthu akayang'ana mmene nambala yoyambayo imapangidwira.

```
gawo la zopulumuka = zopezeka titatulutsa / (zopezeka tisanatulutse + zopezeka titatulutsa)
```

Tiyerekeze kuti muli ndi pulogalamu yolipirira fizi pa foni. Pa mtundu 4.1 oyesa anapeza zolakwika 45 musanatulutse, ndipo makasitomala anapeza 5 mutatulutsa. Ndiye kuti 5 pa 50, yomwe ndi 10 peresenti. Pofika pa mtundu 4.2 olemba pulogalamu anayamba kuwerengerana zimene alemba asanaziphatikize, moti zolakwika zambiri zinafera komweko osalembedwa tikiti. Oyesa anapeza 15 zokha, makasitomala anapeza 4. Tsopano ndi 4 pa 19, pafupifupi 21 peresenti. Zolakwika zofika kwa makasitomala zachepa, gulu lagwira ntchito bwino kuposa kale, koma pa lipoti zikuoneka ngati zinthu zaipa kawiri. Bonasi ikakhala pa nambala imeneyi, anthu alangidwa chifukwa chochita bwino.

Ndipo woyesa wanzeru satenga sabata kuti aone pothawira. Batani lolipirira likakhala kuti silikuoneka bwino pa mafoni asanu osiyana, alemba matikiti asanu m'malo mwa imodzi. Mawu akalembedwa molakwika pa masamba atatu, matikiti atatu. Zolakwika 15 zija zisanduka 36, ndipo 4 pa 40 ndi 10 peresenti ndendende. Palibe amene wanama, tikiti iliyonse ikunena zoona, koma pulogalamu sinasinthe ngakhale pang'ono. Katswiri wa zachuma wa ku Britain, Charles Goodhart, anaziona zimenezi mu 1975 pa nkhani ya ndalama: muyeso umene unkaonetsa zoona umasiya kuonetsa zoona mukangoyamba kuwongolera nawo anthu.

Musanawerenge chilichonse, khalani pansi ndi olemba pulogalamu komanso anthu olandira madandaulo, mulembe tsamba limodzi lonena chimene mukuchitcha cholakwika chopulumuka. Pamene magulu ambiri amagwa ndi pa funso lakuti cholakwikacho chiwerengedwe pati. Muchiwerengere pa mtundu umene unachibweretsa, osati pa mwezi umene chinapezeka. Mu Jira, pulogalamu yosungira matikiti, muli malo awiri osiyana a zimenezi: `Affects versions` ndi pamene vuto lili, `Fix versions` ndi pamene lakonzedwa. Mukasakaniza awiriwa, mtundu umene unakonza mavuto akale ndi umene udzaoneke wodetsedwa. Ikaninso malire a nthawi. Capers Jones, amene analemba zambiri pa muyeso umenewu, amawerenga zimene makasitomala apeza m'masiku 90 oyamba. Ngati mumatulutsa sabata iliyonse, phatikizani zotulutsa za mwezi umodzi n'kupereka masiku 30. Chofunika n'chakuti malirewo asamasinthesinthe, ndipo nambala isapite kwa abwana nthawiyo isanakwane. Mtundu umene mwatulutsa Lachiwiri lapitali nthawi zonse umaoneka woyera, chifukwa makolo ambiri sanalipire nawo fizi. Mavuto ake adzaoneka sabata yotsegulira sukulu.

Kumbukiraninso kuti manambala anu ndi ang'onoang'ono. Pa zolakwika 19, chimodzi chokha chimasuntha nambala ndi mapointi anayi kapena asanu. Choncho musalembe "21%" payokha, lembani "4 pa 19", ndipo musachite msonkhano chifukwa mwezi umodzi wakwera. Mukaona kukwera pa mitundu itatu kapena inayi yotsatizana, pamenepo pali nkhani.

Matikiti otsegulidwanso amawerengedwa chimodzimodzi, potsata gulu limodzi la matikiti: mwa amene anatsekedwa mu Marichi, angati anatsegulidwanso pasanathe masiku 30? Mu Jira mungayambire apa, n'kusintha dzina la `Done` ngati kwanu mumatchula mwina, kenako muchotse ndi maso amene anatsegulidwanso patadutsa masiku 30 chiwatsekereni:

```
issuetype = Bug AND status CHANGED TO "Done" DURING ("2025/03/01", "2025/03/31 23:59")
AND status CHANGED FROM "Done" DURING ("2025/03/01", "2025/04/30 23:59")
```

Chenjerani ndi kanthu kamodzi. Tikiti ikatsegulidwanso, malo a `Resolution` safufutika okha pokhapokha ngati amene anakonza kayendedwe ka matikiti anaika lamulo lowafufuta. Ngati lamulolo palibe, tikiti yotsegulidwanso imaonekabe ngati yothetsedwa pa malipoti ena, ndipo nambala yanu imatsika popanda aliyense kubera.

Tiyerekeze kuti mwapeza 9 pa 60, yomwe ndi 15 peresenti. Nambalayo yachita ntchito yake ikangokupatsani matikiti asanu ndi anayi oti muwerenge, ndipo apa ndi pamene ndikufuna muthere nthawi yanu yambiri. Atseguleni imodzi imodzi. Mupeza mwina kuti anayi anakonzedwa theka: wolemba anakonza kuti ndalama isachotsedwe kawiri munthu akadina batani kawiri, koma sanaganizire za netiweki ikaduka pakati n'kubwereranso. Awiri anatsegulidwanso chifukwa woyesa anayesa pa seva imene kukonzako kunali kusanafike. Ena awiri analembedwa mosamveka, tikiti imangoti "risiti sikutuluka" osanena foni yanji, ndalama zingati, nthawi yanji, ndiye wolemba anakonza vuto lina limene analiganizira yekha. Imodzi yotsalayo inali vuto latsopano limene wina analiunjika pa tikiti yakale chifukwa zinkafanana. Mwa asanu ndi anayiwo, anayi okha ndi amene akukhudza kakonzedwe. Awiri akufuna kuti nambala ya mtundu izioneka pansi pa tsamba loyesera ndipo izilembedwa m'tikiti. Awiri akufuna kuti fomu ya tikiti izifunsa masitepe, zimene munthu amayembekezera ndi zimene zinachitika. Amene wangoona 15 peresenti akanakalipira olemba pulogalamu, chonsecho oposa theka la matikitiwo si mlandu wawo.

Zopulumuka nazonso muziziwerenga motero, ndi funso limodzi pa chilichonse: chikanagwidwa pati? Pa kulemba zofunika, pa kuwerengerana, pa mayeso oyenda okha, pa kuyesa ndi manja, kapena sichikanagwidwa chifukwa malo oyesera safanana ndi enieni? Msonkhano wa mphindi 45 kamodzi pa mwezi ukukwanira, ndipo muzitulukamo ndi chosintha chimodzi kapena ziwiri chokhala ndi mwini wake ndi tsiku. Funso lakuti "anayesa ndani?" lisamveke m'chipindamo. Likangomveka kamodzi, mwezi wotsatira matikiti ayamba kusowa.

Amasowa motere. Cholakwika cha kasitomala chimalembedwa ngati `Task` kapena `Improvement` m'malo mwa `Bug`. Kukula kwake kumatsitsidwa kuchoka pa `High` kupita pa `Low` kuti kusalowe mu lipoti. Woyesa akapeza kuti kukonza sikunagwire, wolemba amamunong'oneza kuti "osaitsegulanso, tangolemba ina", kapena nkhani yonse imathera pa WhatsApp. Matikiti ovuta amatsekedwa ndi `Cannot Reproduce`, ndipo ena amagona masabata pa `In Review` chifukwa tikiti yosatsekedwa siingatsegulidwenso. Anthu ochita zimenezi si akuba. Ndi anthu amene ali ndi lendi yoti alipire ndipo aona kuti kunena zoona kukuwadyera ndalama.

Njira iliyonse imasiya mapazi, choncho nambala iliyonse muziipatsa mnzake woiyang'anira. Pambali pa zotsegulidwanso ikani chiwerengero cha `Cannot Reproduce` ndi `Won't Fix`, komanso masiku amene tikiti imatenga kuti itsekedwe. Zotsegulidwanso zikatsika kuchoka pa 9 kufika pa 2 pamene `Cannot Reproduce` yakwera kuchoka pa 3 kufika pa 11, palibe chakonzeka, madzi angosintha ngalande. Kutsitsa kukula kwa vuto kumapezeka mosavuta:

```
issuetype = Bug AND priority CHANGED FROM "High" TO "Low" AFTER -30d
```

Kusintha mtundu wa tikiti sikufufuzika ndi `CHANGED`, ndiye tengani matikiti khumi a `Task` amene anachokera kwa makasitomala, muwerenge ndi maso, n'kuona pa `History` ngati anayamba ali `Bug`. Pambali pa zopulumuka ikani manambala amene gulu lanu siliwalemba lokha: madandaulo amene olandira mafoni alemba, ndi zigamba zamwadzidzidzi zimene mwatulutsa. Ngati mumaika chizindikiro mu Git pa chotulutsa chilichonse, lamulo ili likuonetsani zonse za mtundu umodzi:

```
git tag --list "v4.2.*"
```

Lipoti likamati 4.2 inapulumutsa cholakwika chimodzi koma apa pakutuluka `v4.2.1` mpaka `v4.2.5`, funsani kuti zigamba zinazo zinkakonza chiyani.

Za kukula kwa vuto, musasiye kuti aweruze munthu amene nambalayo ikumukhudza. Lembani lamulo potengera zimene kasitomala wakumana nazo: ndalama yatayika kapena yachotsedwa molakwika ndi vuto lalikulu, munthu walephera kumaliza ntchito koma pali njira ina ndi lapakati, zamaonekedwe ndi laling'ono. Aziika ndi wolandira madandaulo, ndipo wofuna kusintha azilemba chifukwa m'tikitimo.

Kwa abwana pitani ndi tsamba limodzi. Likhale ndi manambala a gulu lonse pa mitundu isanu ndi umodzi yapitayi, olembedwa ngati "4 pa 19", popanda dzina la munthu ndiponso popanda kuyerekeza gulu ili ndi lina, chifukwa gulu losamalira pulogalamu yakale ya malipiro silingafanane ndi limene likumanga tsamba latsopano. Pansi pake lembani zopulumuka zazikulu chimodzi chimodzi, pamene zikanagwidwa, ndi chimene mwasintha. Akalimbikira kuti payenera kukhala chigoli, apatseni cha zochita osati cha zotsatira: cholakwika chachikulu chilichonse chopulumuka chiunikidwe pasanathe masiku asanu ogwira ntchito, ndipo kukonza kwake kubwere ndi mayeso oyenda okha amene amalephera kukonzako kukachotsedwa. Nachonso munthu angachite mwachiphamaso, koma sichimupatsa chifukwa chobisira tikiti, ndipo mungachitsimikize nokha pochotsa kukonzako n'kuona ngati mayesowo alephera.

Muwachenjezeretu chinthu chimodzi musanayambe. Miyezi iwiri kapena itatu yoyamba manambala onse awiri akhoza kukwera, chifukwa zimene zinkathera pa WhatsApp ziyamba kulembedwa. Ziwauzeni lero ndipo muzilembe pamwamba pa lipoti loyamba, kuti kukwerako kukadzafika asadzakutengeni ngati mukudzikhululukira.