Kuunika buku nkosiyana ndi kulifotokoza

"Abale ndithandizeni, anatipatsa asainimenti yoti tiunike buku la Nthondo, ndalemba mapeji atatu koma alekichala andibwezera akuti ndangofotokoza nkhani, palibe kuunika. Nanga kuunikako ndiye kutani?"

Achemwali, tengani pepala lanulo ndi bolopeni, muwerenge chiganizo chimodzichimodzi nkumadzifunsa kuti kodi munthu wina amene anawerenga buku lomweli angathe kunditsutsa apa? Mukalemba kuti Nthondo anali mwana wovuta, anakula, anadzakhala mfumu kenaka nkutembenuka mtima kulowa Chikhristu, palibe angakutsutseni chifukwa ndi zomwe zili mbukumo, ndiye chimenecho ndi chidule basi. Koma mukati kutembenuka kwa Nthondo kukubwera mothamanga poyerekeza ndi mmene wolemba anationetsera kuipa kwake mofatsa, apo wina atha kudzuka nkunena kuti ayi sizoona, ndipo pamenepo mwayamba kuunika. Ndikukhulupilira mukachonga chonchi mupeza kuti mapeji atatu aja ziganizo zotsutsika mwina ndi ziwiri zokha, mwinanso palibe.

Koma samalani, kungoti buku ndi labwino kapena silinandisangalatse sikuunikanso. Zili ngati pabwalo la milandu kwa amfumu, simungangoti uyu ndi wolakwa nkukhala pansi, anthu afunsa umboni. Ndiye ganizo lililonse liziyenda ndi malo ake mbukumo, peji yakuti, pomwe mpangankhani wachita chakuti kapena wayankhula mawu akuti, kenaka inuyo mufotokoze kuti malo amenewo akutsimikiza bwanji zomwe mwanenazo. Gawo lomalizali ndi lomwe ambiri timalumpha, timangokopera ndime nkuisiya pompo ngati iziyankhulira yokha.

Chomwe chimavuta kwenikweni ndi muyeso, mukuliyeza ndi chani bukulo. Ine ndimayamba ndi funso loti wolembayu amafuna kuchita chani, ndipo amalembera ndani. Wolemba buku la Nthondo ndi Samuel Josiah Ntara, mphunzitsi wa ku mishoni ya Nkhoma, linatuluka mu 1933, ndipo T. Cullen Young analimasulira mChingerezi nkulitcha Man of Africa. Izi musaziike mrivyu ngati zokongoletsera ayi, zikhale ndi ntchito. Munthu wa kumishoni, nthawi ya atsamunda, akulemba moyo wa Mchewa kuyambira kubadwa mpaka imfa, nzosadabwitsa kuti nkhani ikuthera kutchalitchi. Ndiye kumudzudzula kuti bwanji sanalembe ngati olemba a lero nkumulakwira, komanso kumukhululukira chilichonse poti ndi wakale sikuunika. Funso lachilungamo ndi loti, poti cholinga chake chinali kuonetsa munthu akusintha, kodi watikhutiritsa kuti munthuyu wasinthadi? Bwererani mbuku muwerenge kuti ndi mapeji angati akukamba za ubwana ndi zochimwa za Nthondo, ndi angati akukamba za kusinthako, muone ngati pali pomwe tikumuona akulimbana ndi maganizo mumtima mwake kapena mfotokozankhani akungotiuza kuti zatheka. Yankho lomwe mupeze ndi lanu, mutha kugwirizana nane kapena ayi, bola mulionetse ndi mapeji.

Palinso china chomwe ine chimandikoka mbuku ngati limeneli, nthawi zina cholinga cha wolemba ndi mphamvu ya zolemba zake zimalowera kosiyana. Wolemba atha kufuna kuti tisiye zachikale, koma mukawerenga mupeza kuti pomwe akufotokoza miyambo ya pamudzi ndi pomwe Chichewa chake chikutsetsereka bwino, anthu ake akuyankhula ngati anthu enieni. Mukaona zotere zilembeni, kumeneko ndiye kuwerenga ndi maso anuanu, ndipo sizipezeka mmanotsi a munthu wina.

Chidule musachitaye chonse, owerenga rivyu ena bukulo sanaligwirepo. Ndime imodzi yakwana, mizere isanu kapena isanu ndi umodzi. Chizindikiro choti mwabwereranso kofotokoza nkhani ndi mawu awa, kenaka, zitatero, patapita nthawi. Akayamba kuchuluka dziwani kuti buku ndi lomwe likukutsogolerani chaputala ndi chaputala. Sanjani ndime zanu potsata mfundo zanu osati potsata mmene nkhani inayendera, ndime ina ya mpangankhani wamkulu, ina ya chiyankhulo, ina ya mathero, ndipo mundime imodzi mutha kutenga chitsanzo koyambilira ndi china kumapeto nkuziika pamodzi. Mfundo ziwiri kapena zitatu zokumbidwa bwino zakwana pa mapeji atatu, musalimbane ndi kukhudza chilichonse.

Lembaninso ndime yoyamba yokha, munene momveka kuti bukuli lakwanitsa pati ndipo lapelewera pati, muiponye mugulu muno tiione musanapitirize ndi zinazo.