Mapesenti atengeni m'buku lanu, osati mu pulogalamu

"Abale, ndimagulitsa mapampu a sola othiririra mbewu. Abwana akufuna ndiziwauziratu ndalama zomwe tipeze mwezi uliwonse potengera makasitomala amene tikukambirana nawo. Ndiyambire pati, nanga ndigule pulogalamu iti?"

Achimwene, za pulogalamu ndisiyira ena, ine ndimagwiritsa Excel basi. Koma amene akuti mungotenga mapesenti a mwayi woti kasitomala alipira, obwera kale mu pulogalamu aja, akusocheretsani, chifukwa manambala amenewo sanachokere kwa makasitomala anu.

Tsegulani buku la chaka chathachi muwerenge. Tiyerekeze kuti munatumiza makotesheni 40, mwa amenewo 20 anafika pokambirana mtengo, 12 anasaina oda, ndipo 10 analipira. Gawo lililonse muliyerekeze ndi olipira aja, osati ndi gawo lotsatira. Ndiye kuti kotesheni ili ndi mwayi wa 25 peresenti, wokambirana mtengo 50, wosaina oda cha m'ma 80. Tsono ngati lero muli ndi makotesheni a K8 miliyoni, zokambirana za K6 miliyoni ndi maoda a K5 miliyoni, muyembekezere K2 miliyoni, K3 miliyoni ndi K4 miliyoni. Zonse pamodzi K9 miliyoni, osati K19 miliyoni. Mu Excel, ndalama zikakhala mu kolamu B, mapesenti mu kolamu C olembedwa ngati 25%, lembani:

```
=SUMPRODUCT(B2:B30,C2:C30)
```

Muonenso masiku amene amadutsa kuchokera pa kotesheni kufika polipira. Kwa ife ndi milungu ngati sikisi, choncho kotesheni ya sabata ino sindiiika m'mwezi uno ayi.

Pomwe ndikuchenjezeni kwambiri ndi pa kasitomala mmodzi wamkulu. Ine zinandionekera. Bungwe lina linasaina oda ya pafupifupi K18 miliyoni, ndinaiwerengera 80 peresenti, abwana n'kuitanitsa katundu podalira K14 miliyoni imeneyo. Opereka thandizo ku bungwelo anachedwetsa ndalama, mwezi unatha osalowa ngakhale tambala, mapampu ali duu m'sitolo, malipiro a antchito tinachita kukongola. Masamu amenewa amagwira pa maoda ambiri ofananako kukula. Oda imodzi yaikulu imabwera yonse kapena osabwera n'komwe, sibwera theka. Chiyambire pamenepo, oda iliyonse yoposa kota ya ndalama za mwezi ndimailemba payokha, ndipo abwana ndimawapatsa manambala awiri, ikalowa ndi ikapanda kulowa.

Muzichotsanso makotesheni akufa. Munthu amene watha miyezi iwiri akungoti "tikuimbirani" asakhalenso pamndandanda. Mukaona miyezi itatu yotsatizana zolowa zikuchepera zomwe munalosera, yambani kufufuza pamenepo.

Musaiwale nyengo. Mapesenti a Juni, alimi atagulitsa fodya ndi soya, sangagwire mu Januwale pamene ndalama zathera ku feteleza ndi fizi. Ndipo pa kotesheni muzilemba kuti mtengo ukugwira masiku 14 okha. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ife tinakakamizika kugulitsa pa mitengo yakale chifukwa sitinalembe zimenezi.