Chilonda chatha masabata osapola, agogo tide nkhawa?

"Agogo, bambo anga ali ndi chilonda kunsi kwa phazi pafupi ndi chala chachikulu, ino ndi sabata ya 5. Sichikuwawa ndiye akumapitabe kudimba, akuti anaponda mankhwala omwe munthu wina anatchera m'njira. Tide nkhawa kapena chipola chokha?"

Mdzukulu wanga, eya da nkhawa, ndipo mawa lomwe lino kukacha uwatengere bambo akowo kuchipatala. Bala wamba la khasu kapena la minga pa munthu wabwinobwino limauma pa masabata awiri kapena atatu, ukamaliona tsiku ndi tsiku umachita kuoneratu kuti likuchepa kuchokera m'mbali. Likafika masabata 4 lili chomwecho ndiye kuti pali china m'thupi chikuliletsa kupola, ndipo chinacho ndi chomwe tikufuna adokotala akachipeze.

Chomwe chandiopsa kwambiri ine ndi kusawawako. Phazi lamoyo limamva ngakhale kamchenga kakalowa mu nsapato, nanga bwanji munthu akuponda pa chilonda tsiku lonse osatsimphina? Nthawi zambiri zikatero ndi matenda a shuga. Shuga akakhala wokwera kwa zaka amaononga mitsempha yomvera kuyambira kumapazi, munthu amayamba kumva dzanzi, kuyaka moto usiku kapena ngati muli tisingano, kenako phazi limangosiya kumva. Amaononganso njira za magazi ndiye chakudya chomangira mnofu watsopano sichifika bwino pabalapo. Munthu uja poti sakumva ululu amangopondapondabe, tsiku lililonse akung'amba kamnofu komwe kanayamba kumera usiku, chilonda nkumalowa mkati pang'onopang'ono pomwe pamwamba chikuoneka chaching'ono, mpaka kukafika pa fupa. Anthu ambiri odulidwa mwendo chifukwa cha shuga zinayamba ndi kachilonda konga komweko.

Afunse mayi ako ngati bambo amadzuka kangati usiku kukataya madzi, ngati akumva ludzu pafupipafupi, ngati thalauza layamba kukhwepa m'chiuno koma akudya bwino. Koma olo zonsezi kulibe akayezetsebe, shuga amabisala. Kuyeza kwake nkosavuta, amabaya kunsonga kwa chala, kadontho ka magazi pa kamakina. Apite m'mawa asanadye kanthu, olo tiyi. Makina akalemba 7 mmol/L kapena kuposa, makina ena amalemba 126 mg/dL, ndiye kuti shuga akuganiziridwa ndipo amabwerezanso kuti atsimikize. Ngati anadya kale malire ake ndi 11.1, kapena 200 pa makina enawo. Akawauza kuti ayezenso magazi za kachilombo asakhumudwe ayi, chitetezo chikatsika zilonda zimachedwanso kupola. Pa helefu senta akapanda zipangizo pemphani kalata yopitira kuchipatala chachikulu cha m'boma lanu.

Tsono za kutcheredwazo. Usakakangane nawo bambo ako, mwana sauza kholo lake kuti zomwe mukunenazo nzabodza, akakwiya basi sapitanso. Khala pansi nthawi ya madzulo atadya, uwauze kuti bambo, kaya chinayamba bwanji koma tiyeni akangokuyezani shuga tidziwe, thiransipoti ndilipira ine. Akakanabe pita kwa achimwene awo kapena mnzawo wa kutchalitchi kaya kumzikiti amene amamumvera, mawu omwewo akachokera kwa wamkulu mnzawo amalowa. Chomwe usalole ngakhale pang'ono ndi kutema mphini pa phazi limenelo, chifukwa mphini iliyonse idzasanduka chilonda chinanso chosapola.

Ndipo ukaona izi usadikire za mawa, nyamukani nthawi yomweyo olo ndi usiku: phazi latupa ndipo likutentha kuposa linzake, kutupako kukukwera kumwendo, pakutuluka mafinya onunkha, chala chayamba kuda, kapena thupi latentha akunjenjemera.

"Anzanga akuti titsegule kapusozi tithirepo ufa wake, ena akuti mafuta a mabuleki amaumitsa msanga. Kunyumba tizitani?"

Ayi ndithu, zonse ziwirizo zisiyeni. Mafuta a mabuleki, madzi a batire, phulusa, dothi, ndowe, zimaononga mnofu watsopano uja ndipo dothi ndi ndowe zimabweretsa kafumbata. Ufa wa kapusozi umangopanga chikhungwa pamwamba mafinya ali pansi, munthu nkumati chauma. Olo sipiliti usamathire mkati mwa bala.

Wiritsa madzi lita imodzi, sungunulamo mchere timasupuni ta tiyi tiwiri tosasefukira, adikire azizire. Samba m'manja ndi sopo, tsuka balalo kamodzi patsiku, phimba ndi bandeji kapena kansalu kochapa kosita, osamanga kwambiri. Phazi asamaliviike m'beseni la madzi otentha kapena kuliyandikiza pa mbaula, samva kutentha ndiye angapse osadziwa. Chovuta kuposa zonse nchakuti asiye kuponda, kudimba ayambe apuma, apite anyamata. Chilonda cha kuphazi sichipola munthu akuchiyendera olo mankhwala akhale abwino chotani.

Poti uli ndi foni, sabata iliyonse jambula balalo utaika ndalama yachitsulo pambali pake, yomweyomweyo nthawi zonse, maso amanama koma chithunzi chimaonetsa. Mwachitsanzo lero bala likulingana ndi ndalamayo, pakatha masabata 4 akulandira chithandizo liyenera kukhala litachepa pafupifupi ndi theka. Likakhala chimodzimodzi kapena lakula bwererani mukawaonetse adokotala zithunzizo, mwina pafunika kujambula fupa kapena kuchotsa mnofu wakufa.

"Agogo anga aakazi ali ndi kachilonda m'mbali mwa lilime mwezi watha, amaika fodya mkamwa. Akuti ndi dzino likuwakanda."

Tizilonda wamba ta mkamwa timawawa kwambiri koma pa sabata imodzi kapena awiri tatha. Chamkamwa chikapitirira masabata 3 chimafunika kuonedwa, makamaka kwa munthu wa fodya kapena wa kachasu, chifukwa khansa ya mkamwa imayamba chonchi, kachilonda kolimba m'mbali ukakakhudza, nthawi zina kotuluka magazi, poyamba kosawawa. Mwina ndi dzinodi, ndiye akalikonze kapena kulizula, koma pakatha masabata awiri dzino litachoka chilonda chikadalipo abwerere. Gwiranso m'khosi mwawo ngati muli kachotupa kolimba. Chotsimikizira ndi kudula kanyama pang'ono nkukakayeza ku labu, ndipo nkhalamba zambiri zimaopa kuti akadula ndiye kuti ifalikira, usawamvere pamenepo, kanyamako ndi komwe kamauza adokotala chochita.

Ndionjezere kwa adzukulu anga achialubino ndi makolo awo, chifukwa nkhaniyi imandipweteka mtima. Kankhanambo ka pa khutu, pa mlomo, kukhosi kapena pamkono komwe kamauma nkusendeka nkubweranso pamalo omwewo, musakatenge ngati kupsa ndi dzuwa chabe. Khansa ya pakhungu imagwira achialubino akadali achinyamata, ndipo kakadali kakang'ono amakachotsa mosavuta munthu nkubwerera kunyumba. Chimodzimodzi chipsera chakale cha moto chomwe chatseguka chokha patapita zaka, nachonso chikaonedwe msanga.

"Ine changa chili kumalo obisika, sichiwawa, ndipo chayamba kuuma chokha. Ndikuchita manyazi."

Pita mwanawe, manyazi asiye pakhomo pa chipatala, anamwino amaona zimenezo tsiku lililonse. Chindoko chimayamba ndi kachilonda kamodzi kosawawa, kamatha kokha pa masabata 3 mpaka 6 koma matenda amatsala m'magazi, amadzatulukira patsogolo ndi zidzolo m'manja ndi kumapazi, ndipo kwa mayi woyembekezera amatha kupha mwana m'mimba. Akayeza magazi nkupeza kuti ndi chatsopano, jakisoni wa penisilini amachiza. Upite ndi mnzakoyo alandire nayenso, ndipo musagonane mpaka anamwino atakuuzani kuti masiku akwana.