Thiransifoma ya chigayo: 50 kVA kapena 100 kVA?

"Ndikuika chigayo kunjira ya ku Chadiza, mota yake imakoka pafupifupi 40 kVA. Wogulitsa akuti nditenge thiransifoma ya 100 kVA chifukwa ya 50 kVA imataya malaiti. Ndi zoona?"

Bambo, wogulitsayo wakuuzani theka chabe. Thiransifoma yotsitsa 11 kV kufika 400 V imataya mphamvu pawiri. Poyamba ndi m'chitsulo cha mkati: ikangolumikizidwa ku laini imadya usana ndi usiku, ngakhale chigayo chili chotseka. Kulira kwa "mmm" kumene mumamva usiku kumachokera m'chitsulomo. Kwina ndi m'mawaya okulungidwa, amene amatentha malinga ndi katundu, ndiye kuti kuchuluka kwa magetsi amene makina anu akukoka. Katundu akakhala theka, kutayako sikukhala theka ayi, kumatsika kufika pa gawo limodzi mwa anayi.

Pemphani pepala la mayeso, muone manambala awiri: P0 ya chitsulo ndi Pk ya mawaya pa katundu wodzaza. Tiyerekeze kuti ya 50 kVA yalembedwa 190 W ndi 1,100 W, ya 100 kVA 320 W ndi 1,750 W.

Mukugaya maola 8 patsiku, chimanga chitangokololedwa. Yaing'onoyo yasenza 80%, ndiye mawaya akutaya 0.8 × 0.8 × 1,100, pafupifupi 700 W, mayuniti 5.6 patsiku. Chitsulo chikudya 4.6 pa maola 24. Pamodzi 10.2. Yaikuluyo mawaya ake akutaya mayuniti 2.2 okha, koma chitsulo chikumeza 7.7, pamodzi 9.9. Kusiyana kwake sikukwana ndi yuniti imodzi yomwe! Ndiye ifike Januwale, anthu akubwera ndi timabigili, mukugaya maola 4: yaing'ono ikutaya 7.4, yaikulu 8.8. Apa yaikulu ndiyo yakudyerani, ndipo munaigula modula.

Chimene chingakukakamizeni kutenga yaikulu ndi kuyatsa mota. Mota yolumikizidwa mwachindunji imakoka kasanu kapena kasanu ndi kamodzi kuposa masiku onse ikamanyamuka, ndipo pa 50 kVA magetsi amagwa, mababu n'kuphethira. Sitata ya sita-deluta, chipangizo choyatsira mota pang'onopang'ono, imachepetsa zimenezi. Koma ngati mukuganiza zoonjezera makina okonola kapena owotcherera zitsulo, 50 kVA yakuchepa kale.

Funsaninso a ZESCO, kampani ya magetsi, kuti mita aiika mbali iti ya thiransifoma. Ikakhala ku 11 kV, zotayika zonsezi zimawerengedwa pa mita yanu. Ikakhala ku 400 V, mita siziona.

Chenjerani ndi zakale zokulungidwanso. Ine ndinagulapo yotere, yopentedwa bwino, pepala la mayeso kulibe. M'mawa tisanayatse chigayo, thanki yake inali yofunda kale ndipo inkalira mpaka kumveka pamsewu. Chitsulo chake chinali chowonongeka, ndipo mita yanga inali ku 11 kV.