Madzi akuchedwa kutsika mu sinki: tsegulani thirapu musanagule mankhwala

"Anzanga, ndithandizeni nzeru. Yatha milungu iwiri sinki yanga ya kukhitchini ikuvuta. Ndikatsuka mbale madzi amangodikha, amatenga mphindi 10 kuti atsike, ndipo tsopano yayamba kununkha. Ndathirapo madzi otentha, ndathirapo soda ndi viniga, palibe chasintha. Aneba akuti ndigule kositiki soda, koma ndili ndi ana ang'onoang'ono, ndikuopa. Pali njira ina?"

Achemwali, kositikiyo musagule ayi. Tsegulani kabati ya pansi pa sinki, mugwade, muyang'ane pamene madzi amatulukira. Mupeza kachinthu ka pulasitiki, kawirikawiri koyera, kooneka ngati botolo lalifupi lonenepa, kapena paipi yopindika ngati mbedza. Imeneyo ndi thirapu. Ntchito yake ndi kusunga madzi pang'ono nthawi zonse kuti fungo ndi mphemvu za m'mapaipi a kunja zisakwere kulowa m'nyumba. Koma poti madzi amaima pamenepo, chilichonse cholemera chimakhazikikanso pomwepo. Anaipanga dala kuti izimasulidwa ndi manja, ndipo ntchito yonse siposa theka la ola.

Musanaigwire, yesani kaye kudziwa ngati vuto lili pomwepo. Dikirani sinki iphwe, kenako tsegulani mpope kwambiri. Madzi akayamba kudikha nthawi yomweyo, chotsekacho chili pafupi, pa sefa kapena mu thirapu. Akatsika bwinobwino kwa kanthawi, mwina malita awiri kapena atatu, kenako n'kuyamba kubwerera, ndiye kuti anali kudzaza paipi yopanda kanthu, ndipo chotsekacho chili patsogolo. Tulukaninso panja mukaone kuseri kwa khitchini, pa kadzenje ka simenti kamene paipi ya sinki imathirako. Kakakhala kodzaza mpaka kusefukira, vuto lili kunja, thirapu ilibe mlandu. Kakakhala kouma, paipi ikungodontha pang'onopang'ono pamene sinki m'nyumba ili tho, bwererani pansi pa kabati.

Soda ndi viniga zija musadziimbe nazo mlandu, ambirife tinayesapo. Zimachita thovu lochititsa chidwi, koma thovulo ndi mpweya chabe, ndipo umathawira m'mwamba kumene kuli kotsegula. Ziwirizi zikakumana zimathetsana mphamvu, chotsala ndi madzi a mchere. Madzi otentha nawo amasungunula mafuta okha. Tsono zimene zimatseka sinki za m'makhitchini mwathu muno si mafuta okha. Ndi makoko a nsima amene tanyika mu poto n'kukhuthulira mu sinki, mpunga, masamba a tiyi, mamba a nsomba, tizidutswa ta waya wokwechera miphika, ndi mchenga kapena phulusa ngati pakhomo pali wina amene amakwechera zimenezo. Mafuta ndi amene amamata zonsezi kukhala chiphala chimodzi. Mchenga susungunuka ndi chilichonse, ndipo ufa ukakumana ndi madzi otentha mukudziwa nokha chimene umasanduka.

Konzani beseni lolowa pansi pa thirapu, nsanza ziwiri zitatu, mswachi wakale, ndi kawaya kolimba. Magolovesi ngati alipo, apo ayi jumbo m'manja imathandiza, chifukwa zotuluka mmenemo si zoti n'kuzigwira ndi dzanja lodyera. Tungani madzi amene adikha mu sinki ndi kapu mpaka atsale ochepa, popeza onse otsala agwera m'beseni lanulo. Tulutsani katundu m'kabati. Kenako jambulani thirapuyo ndi foni isanamasulidwe. Chithunzi chimenechi mudzachifuna pobwezeretsa.

Ngati yanu ndi ya botolo, mwapeza yophweka. Gwirani thupi lake ndi dzanja limodzi kuti lisatembenuke, ndi linalo potokolani chivindikiro cha pansi, monga mumatsegulira botolo la mafuta odzola mutalizondotsa. Yambani pang'ono, madzi achuchire m'beseni, kenako chotsani chonse. Chikakana, kulungani nsanza yonyowa kuti dzanja lisaterereke. Sipanala pa pulasitiki ayi, imaswa kapena kudya mazinga ake. Chivindikirocho chimatuluka chitadzaza matope akuda onunkha. M'kati mwa thupi lotsala m'mwamba muli kapaipi kotsika pakati, kapena kakhoma kogawa botololo pawiri, ndipo mpata wa m'mbali mwake ndi wopapatiza. Ambiri amatsuka chivindikiro chokha n'kuiwala mpata umenewu, ndiye sinki imatsekanso sabata yomweyo. Pisani chala ndi mswachi kuzungulira konse, mpaka pakamwa pa paipi yopita kukhoma.

Ngati ndi yopindika ija, ili ndi manati awiri a pulasitiki, ina m'mwamba pafupi ndi sinki, ina kumbali yopita kukhoma. Masulani onse awiri, chigongonocho chitsike chonse, muchikhuthulire m'beseni. Ngakhale ya botolo, ine ndimakonda kuichotsa yonse pomasula manati ake awiri, chifukwa imatsukika bwino panja kusiyana ndi kuipisa chogwada mu mdima.

Apa ndi pamene ndinapusa ine tsiku loyamba. Nditamasula thirapu ya kunyumba imene tinkachita lendi, ndinaimirira mwachizolowezi, n'kutsegula mpope wa sinki yomweyo kuti ndiitsuke. Madzi onse anapita m'kabati, pa thumba la ufa limene ndinachita ulesi kulitulutsa. Choncho katsukireni pa mpope wa panja, ndipo muuze onse a m'nyumba kuti sinki isagwiridwe. Ana makamaka. Matope a m'beseni musawathirenso m'sinki ina kapena m'kadzenje ka kuseri kaja, akulungeni m'nyuzipepala akatayidwe ku dzala.

Mmene munali mu thirapu yanga tsiku limenelo ndi mmene ndikuganiza kuti mupeza mwanu. Pansi penipeni panali mchenga wokwana masipuni atatu, wolimba ngati dothi louma. Pamwamba pake panali chiphala chotuwa cha mafuta ndi nsima, ndipo chimene chinagwira zonsezi chinali kamtengo ka machesi kamodzi kamene kanapingasa, masamba a tiyi n'kumakodwa pamenepo. Mpata wotsala wodutsa madzi unali wosakwana chala cha kaninse, m'paipi ya mamilimita 40. Palibe mankhwala amene akanachotsa kamtengo kameneko.

Thirapu ili panja choncho, suzumirani ndi tochi m'paipi yopita kukhoma. Ikakhala yoyera, mwamaliza. Ikakhala yoti mafuta amata m'mbali monse, pindani nsonga ya kawaya kukhala kambedza, mulowetse pang'onopang'ono mukupotoza, muzikokera zinyalalazo kwa inu. Musazikankhire m'kati, mungakazipanikize pa kona pamene simungafike. Waya akagunda cholimba musakakamize, mwina ndi kona ya paipi, ndipo pulasitiki yakale imabooka. Nyumba zambiri paipi imeneyi ndi yaifupi, imangoboola khoma n'kutsikira pa kadzenje kaja, ndiye mungathenso kuipisa kuchokera kunja. Sefa ya mu sinki nayo ipukuteni kunsi kwake, pamakhala ndere zamafuta zimene sizioneka mukayang'ana kuchokera pamwamba.

Pobwezeretsa ndi pamene anthu amapezera vuto latsopano, kudontha. Pa nati iliyonse pali kamphira kozungulira. Werengani timphirato pomasula, chifukwa kamodzi kamakonda kugwera m'matope n'kutayidwa nawo. Ka m'mwamba, pamene thirapu ikumana ndi sinki, nthawi zambiri n'kafulati. Ka pa paipi yopita kukhoma kamakhala konenepa mbali imodzi, kopyapyala mbali inayo. Nati imayamba kulowa pa paipi, kamphira pambuyo, ndipo mbali yopyapyala iloze kumene paipi ikukalowa, yonenepa itsamire nati. Mukakatembenuza, mumange mwamphamvu bwanji, padontha basi. Kakakhala kouma, kong'aluka kapena kophwatalala, katengeni mupite nako ku hadiweya akupatseni kofanana nako. Ndi kotchipa kwambiri poyerekeza ndi kabati yowola.

Yambani kumanga nati iliyonse mofewa, ndi zala ziwiri. Ikalimba isanazungulire ngakhale kawiri, yalowa mokhota, bwezani muyambirenso. Onse akakhala m'malo, limbitsani ndi dzanja basi. Tsopano pukutani paliponse pauma, yalani nyuzipepala pansi, tsekani sinki muidzaze madzi, n'kutsegula onse nthawi imodzi. Madzi a mpope ochepa saonetsa kudontha, ofunika ndi ambiri otsika mwamphamvu. Mukamva akutsika ndi kaphokoso kokoka, nyuzipepala ili youma, yatheka. Pomaliza thirani sopo wotsukira mbale pang'ono ndi ketulo ya madzi otentha, koma osati obwadamuka. Aphuleni, adikire mphindi zingapo. Mapaipi a pulasitiki amafewa ndi madzi owira, ndipo paipi ikafewa imagwa mimba pakati, pamenepo n'kukhala posonkhana mafuta mpaka kalekale.

Wina akuuzani za pulanja, chimphira chokhala ndi mpini chija. Imathandiza, makamaka chotseka chikakhala chofewa, ndipo ngati muli nayo mutha kuyamba ndi imeneyo. Siyani madzi okwanira kumiza chimphiracho, ndipo tsekani ndi nsanza yonyowa kabowo ka m'mwamba kotulutsira madzi sinki ikasefukira. Sinki ikakhala ya mbali ziwiri, wina atseke mbali inayo mwamphamvu. Mukapanda kutero mphamvu yonse imathawira kumeneko. Koma pa thirapu ya botolo yodzaza mchenga, pulanja imangoboola kanjira, mchenga n'kutsala momwemo.

Za kositiki, anebawo sakunama kuti nthawi zina imatsegula. Koma kumbukirani kuti amayi amene amapanga sopo amasakaniza kositiki yomweyo ndi mafuta. Ikakumana ndi mafuta ambiri m'paipi imene madzi sakuyenda, imatha kupanga chibuma cholimba kuposa chimene chinalipo. Ikamasungunuka imatentha kwambiri, imawotcha khungu, ndipo dontho limodzi m'diso likhoza kuchititsa khungu. Ikalephera kutsegula imangokhala mu thirapu kudikira womasula. Ngati wina pakhomopo wathira kale mankhwala alionse ogula, musapope ndi pulanja, musathirepo ena a mtundu wina, ndipo mukaitana pulambala mumuuziretu asanagwire.

Pulambalayo muitaneni mukapeza kuti thirapu ndi yachitsulo yochita dzimbiri, kapena anaimata ndi guluu moti palibe nati yomasula. Muitaneninso thirapu ikakhala yoyera koma madzi akubwererabe, kapena sinki ikamatseka mwezi ndi mwezi ngakhale mukusamala. Zikatero kawirikawiri paipi inaikidwa mosatsetsereka. Imayenera kutsika pafupifupi masentimita 2 pa mita iliyonse, ndipo ikagona chopingasa palibe kutsuka kumene kungathandize. Ngati ndi nyumba ya lendi, imeneyo ndi nkhani ya alandilodi, muwaonetse chithunzi.

Mukapita ku hadiweya, gulaninso kasefa kachitsulo koika pa bowo la sinki. Madzi a poto wa nsima azikathiridwa panja, ndipo chiwaya chokazingira muzichipukuta ndi pepala chisanalowe m'madzi.