Musanafunse ngati kalata ili bwino, dziwani amene akuiyembekeza

"Moni bwana. Ndalandira uthenga wanu wakuti mwandisankha pa ntchito ya ukalaliki. Ndili ndi digiri ya zowerengera ndalama ndipo ndagwirapo ntchito zaka ziwiri. Ndatumiza chithunzi cha chiphaso changa ndi nambala ya akaunti yanga ya kubanki monga munanenera. Ndalama yolembetsera maphunziro oyambira ntchito nditumiza Lachisanu. Mundiyankhe msanga."

Kodi zili bwino?

Wophunzira wa chaka chomaliza kukoleji

Musaitumize kaye kalatayi, ndipo ngati yapita kale, ndalamazo zisapite. Ndayamba ndi mawu amenewa chifukwa funso lanu lingathe kuyankhidwa m'njira zingapo, ndipo yankho limene limabwera msanga ndi limene lingakupwetekeni. Mutapatsa mnzanu wodziwa kulemba kalata imeneyi, iye aona ngati zilembo zili m'malo mwake, ngati mipumiro ili bwino, kenako akuuzani kuti palibe vuto. Ndipo sakhala atanama, pakuti chiganizo chilichonse chamveka ndithu. Inuyo mudzamva ngati wakuuzani kuti tumizani, pomwe iye wangoyankha za kalembedwe basi.

Mmenemo ndi mmene funso lalifupi chonchi limasocheretsera anthu. Wofunsa angakhale akufuna kudziwa ngati walemba molondola, ngati mawu ake ali aulemu, ngati zomwe zalembedwazo ndi zoona, kapena ngati kutumiza sikumuika m'mavuto. Woyankha amasankha chimene iye amachidziwa bwino, ndipo onse awiri amasiyana poganiza kuti amvana. Ine ndikalandira zolembedwa zopanda kufotokoza kulikonse, ndimayamba ndi chimene sichingabwezedwe chikalakwika. Chilembo cholakwika chimangochititsa manyazi tsiku limodzi. Ndalama ikapita kwa wakuba kawirikawiri sibwerera, ndipo chithunzi cha chiphaso chikafika m'manja mwa munthu simungachilandenso.

Simunandionetse uthenga umene mukuyankha, koma kalata yanu ikuwulula zambiri za uthengawo. Mwasankhidwa kale, koma simukutchula tsiku limene munayesedwa kapena kufunsidwa mafunso. Munthu amene mukumulembera simukumudziwa dzina, n'chifukwa chake mwangoti "bwana". Akufuna chiphaso ndi akaunti ya kubanki musanasaine pangano lililonse la ntchito. Ndipo chachikulu pa zonse, akufuna kuti mulipire musanayambe ntchito. Chimodzi chokha mwa zoyambirirazo sichikanandidetsa nkhawa kwambiri, chifukwa olemba ntchito ena enieni amapempha makope a masatifiketi ndi chiphaso pofunsira ntchito pomwe. Koma zinayi zonsezi zikapezeka pamodzi, ndi mmene achinyengo a ntchito zabodza amagwirira ntchito yawo.

Za ndalamazo ndinene mosapsatira. Wolemba ntchito amalipira wantchito, ndipo maphunziro ophunzitsa munthu watsopano mmene kampani imagwirira ntchito ndi udindo wa kampaniyo. Ngakhale mabungwe amene ntchito yawo ndi kupezera anthu ntchito, pangano nambala 181 la bungwe loona za ntchito padziko lonse la ILO, la chaka cha 1997, limanena kuti asalipiritse ofuna ntchito, kupatula pamene boma la dziko lavomereza mwapadera. Si mayiko onse amene anavomereza panganoli, koma likuonetsa chimene chimatengedwa kukhala chilungamo pa nkhaniyi. Achinyengo amadziwa kuti mawu akuti "gulani ntchito" angathawitse aliyense, choncho ndalamayo amaipatsa dzina lomveka bwino: yolembetsera, ya maphunziro, ya yunifolomu, yopimitsira kuchipatala. Amayamba ndi yochepa imene munthu angakwanitse kubwereka. Mukalipira, pamatuluka ina, ndipo mumalipiranso chifukwa chowawidwa mtima ndi yoyamba ija. Tsiku lomaliza kulipira amaliika pafupi dala kuti musapeze mpata wofunsa ena.

Nambala ya akaunti payokha nthawi zambiri siyokwanira kuti munthu atapire ndalama zanu. Choopsa ndi chimene chimatsatira. Wakuba amene ali ndi dzina lanu lonse, tsiku lobadwa, nambala ya chiphaso ndi banki yanu angathe kukuimbirani foni ngati wogwira ntchito kubankiko, n'kukuwerengerani zonsezo kuti mumukhulupirire, kenako n'kupempha nambala yachinsinsi kapena manambala aja amene banki imatumiza pafoni potsimikizira kuti ndinudi. Angathenso kugwiritsa ntchito chiphaso chanu poyesa kutenga ngongole kapena kulembetsa nambala ya foni m'dzina lanu. Ena amauza "wantchito watsopano" kuti alandire ndalama mu akaunti yake n'kuzitumiza kwina, ndipo apolisi akamadzalondola ndalama zakubazo, dzina limene amalipeza ndi la wophunzira wosalakwayo. Kampani yeniyeni imafuna akaunti yanu pofuna kukulipirani malipiro, ndipo nthawi yake imafika mutasaina pangano.

Sindikunena kuti ndatsimikiza kuti akukunamizani, popeza uthenga wawo sindinauone. Koma mungathe kudzifufuzira nokha lero lomwe. Dzifunseni kaye ngati munafunsiradi ntchito kumeneko, ndipo liti. Kenako, ngati uthengawo unabwera pa imelo, onani adiresi imene unachokera, makamaka gawo lotsatira chizindikiro cha @, osati dzina lokongola limene limaoneka pamwamba, chifukwa dzinalo aliyense angathe kulemba lomwe afuna. Kampani yaikulu ikamalemba kuchokera pa adiresi yaulere ngati ya Gmail, kapena adiresi yofanana ndi yeniyeni koma yosiyana chilembo chimodzi, pamenepo pali chokayikitsa. Pomaliza pezani nambala ya foni ya kampaniyo kwina, osati mu uthenga umene anakutumiziraniwo, imbani, ndipo funsani ofesi yolemba anthu ntchito ngati ntchitoyo ilipo komanso ngati pali cholipira. Mukaimba nambala ya mu uthengawo, adzayankha ndi yemweyo amene anaulemba.

Tsopano tibwere pa nkhani imene mwina simunayembekezere kuti ndiitchula. Mwalemba kuti muli ndi digiri, koma pansi pa funso lanu mwadzitchula kuti ndinu wophunzira wa chaka chomaliza. Ziwirizi sizingakhale zoona nthawi imodzi, pokhapokha ngati muli ndi digiri ina ya kale. Ndikumvetsa mmene zimachitikira: patsala miyezi yochepa, ndipo mumtima mwanu digiriyo ndi yanu kale. Komabe wolemba ntchito weniweni adzapempha satifiketi kapena chikalata cha zotsatira za mayeso, ndipo ambiri amafunsa kukoleji komweko. Akapeza kuti simunamalize, sadzaganiza za miyezi yotsalayo, adzangoti munanama, ndipo kunama pofunsira ntchito kungathe kumuchotsetsa munthu ngakhale atayamba kale. Choonadi chake sichikuchepetsani konse. Lembani kuti muli m'chaka chomaliza cha digiri ya zowerengera ndalama, ndipo tchulani mwezi ndi chaka chimene mukuyembekeza kumaliza.

Zaka ziwiri zogwira ntchito zija sindingathe kuziweruza, ndipo palibe amene angaziweruze pongowerenga. Apa ndi pamene pali malire a aliyense amene mungamufunse ngati zolemba zanu zili bwino: iye amaona pepala, koma moyo wanu mumaudziwa ndinu. Ngati munagwiradi ntchito zaka ziwiri zathunthu, tchulani malo ndi miyezi yake. Ngati munkagwira pa tchuthi chokha, miyezi itatu chaka china ndi itatu chaka chotsatira, imeneyo ndi miyezi 6, ndipo muilembe choncho. Muyeso wake ndi wosavuta: chilichonse chimene mwalemba, kodi alipo munthu kapena chikalata chimene chingachichitire umboni atafunsa?

Za ulemu sinditaya nthawi yambiri. Chiganizo chomaliza chikumveka ngati lamulo, ndipo wopempha ntchito salamula. Kunena kuti mudzayamikira kumva kuchokera kwa iwo n'kokwanira. Kalatayo ilibenso mawu othokoza, ilibe dzina la munthu amene mukumulembera kapena udindo wake, ndipo simunatsirize ndi dzina lanu. Zimenezi mungakonze pa mphindi zochepa. Koma dziwani kuti mukanangokonza ulemu wokhawo, mukanakhala ndi kalata yaulemu kwambiri yopereka chiphaso ndi ndalama zanu kwa munthu wosamudziwa.

Mukaimba foni ija n'kupeza kuti ntchitoyo ilipodi, kalata yoyenera kutumiza ndi yosiyana ndi yoyambayo. Ingathe kumveka motere: "Zikomo chifukwa cha uthenga wanu wokhudza ntchito ya ukalaliki. Ndili m'chaka chomaliza cha digiri ya zowerengera ndalama. Ndisanatumize zikalata zanga, ndikupempha kalata yondipatsa ntchito yofotokoza udindo, malipiro ndi tsiku loyamba, komanso dzina la munthu amene ndingakumane naye ku ofesi yanu. Ndikupemphanso kuti mundifotokozere za ndalama yolembetsera, chifukwa sindingathe kulipira pangano lisanasainidwe." Wolemba ntchito woona sakwiya ndi pempho lotere, chifukwa ndi zinthu zimene ayenera kupereka kale. Wachinyengo amayamba kukufulumizitsani, kukuopsezani kuti malo apatsidwa kwa wina, kapena amangokhala chete.

Ngati chithunzi cha chiphaso ndi nambala ya akaunti zapita kale, uzani banki yanu lero kuti idziwe, ndipo aliyense woimba foni wofuna nambala yachinsinsi musamupatse, ngakhale atanena kuti ndi wa kubanki. Sungani mauthenga onse, musafufute ngakhale umodzi. Ngati mwalipirapo kale, dziwitsani msanga banki kapena kampani yotumiza ndalama imene munagwiritsa ntchito potumiza ndalamazo, chifukwa mwayi woziimitsa umachepa nthawi ikamapita, kenako kanenani kupolisi.

Ulendo wina mukamapempha mphunzitsi, kholo kapena mlangizi kuti akuwerengereni chinthu, onjezani ziganizo ziwiri kapena zitatu pamwamba pake. Nenani amene analemba, amene akukalandira, ngati mwatumiza kale, ndi chimene chikukudetsani nkhawa. Pa nkhani yanuyi mukanatha kulemba kuti: "Iyi ndi kalata yanga yoyankha anthu amene anandilembera pafoni, sindinakumanepo nawo, ndipo sindinaitumize. Ndikukayika za ndalama akufunazi." Muikenso uthenga wawo womwe, mutabisa manambala anu a chiphaso ndi akaunti. Ndipo makolo amene mumalandira mauthenga otere kuchokera kwa ana anu, musafulumire kuyankha kuti zili bwino pofuna kumulimbitsa mtima mwanayo. Mufunseni kaye kuti kalatayo ikupita kwa yani, ndipo iyeyo anawadziwa bwanji anthuwo.